Dzenje la ku Onkalo: bwanji zinyalala za nyukiliya zimadikira zaka 40 zisanakwiriridwe?

Aliyense amene anaotchapo njerwa amadziwa kuti tsiku lozimitsa moto si tsiku lophwasula uvuni. Mumadikira masiku angapo kuti uzizire, ndipo wopupuluma amapsa manja. Ku Finland, dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya, kuli anthu amene akudikira chinthu kuti chizizire kwa zaka pafupifupi 40. Chikazizira akufuna kukachikwirira m'thanthwe, mamita opitirira 400 pansi pa nthaka, kuti chikhale momwemo zaka 100,000 osakhudzana ndi munthu, madzi akumwa kapena mbewu zakumunda.

Chinthucho ndi ndodo za yureniyamu zomwe zatha ntchito m'ng'anjo zopangira magetsi a nyukiliya. Dzenjelo dzina lake ndi Onkalo, ndipo lili pa chilumba cha Olkiluoto, m'dera la Eurajoki, kumadzulo kwa dzikolo. Kampani ya Posiva inayamba kukumba m'chaka cha 2004, inapeza chilolezo chomangira mosungiramo mu 2015, ndipo mu Ogasiti 2024 inayamba kuyeserera ntchito yonse ndi migolo yopanda ndodo zenizeni za nyukiliya. Kufikira chaka cha 2025 panalibe dziko ndi limodzi lomwe pa dziko lapansi limene linali litayamba kukwirira ndodo zotere mpaka kalekale. Ambiri ankangosunga mongoyembekezera, ena m'madzi, ena m'migolo pabwalo.

Funso ndi ili: ngati dzenje lilipo, bwanji osangoponyamo lero ndi kuiwalako? Yankho lake lagona pa zinthu ziwiri, kutentha ndi nthawi, ndipo ziwirizi zimakokera mbali zosiyana.

Tiyambe ndi kutentha. Apa fanizo la uvuni wa njerwa likutisiya panjira. Njerwa zimangotulutsa kutentha komwe zinasunga pamene moto unkayaka. Ndodo za nyukiliya zimapanga kutentha kwatsopano, usana ndi usiku, ngakhale ng'anjo itazimitsidwa. Yureniyamu ikamasweka m'ng'anjo imasiya tizidutswa tosakhazikika, ndipo tizidutswa timeneti timapitiriza kusintha tokha, kutulutsa cheza choopsa ndi kutentha. Palibe batani lozimitsira zimenezi. Simungathirepo madzi n'kuzima, madziwo amangochotsa kutentha komwe kwatuluka kale, kwina kukubwerabe.

Mphindi yomwe ng'anjo yazimitsidwa, kutentha kotsalaku kumakhala pafupifupi magawo 6 kapena 7 pa 100 aliwonse a mphamvu yomwe inali kutuluka. Pakatha ola limodzi kumatsika kufika gawo limodzi ndi theka, pakatha tsiku kumafika pafupifupi theka la gawo limodzi. Zikumveka zochepa eti? Tiyeni tiwerenge. Ng'anjo yachiwiri ya ku Fukushima, ku Japan, inkatulutsa kutentha kwa mamegawati 2,381. Gawo limodzi ndi theka pa 100 la nambala imeneyi ndi mamegawati pafupifupi 36. Ketulo yamagetsi ya makilowati awiri mumaidziwa. Ndiye tikunena maketulo 18,000 akuwira nthawi imodzi m'chitsulo chimodzi, ola lathunthu chizimitsireni.

Ndi zomwe zinachitika pa 11 Malichi 2011. Chivomezi chitagwedeza, ng'anjo zinazima zokha monga zinakonzedwera. Kenaka madzi a m'nyanja anasefukira, kumiza majenereta, mapampu oziziritsira n'kuima. Ng'anjo zitatu zozima kale zinasungunuka mkati chifukwa cha kutentha kotsala basi. Masiku amenewo dziko lonse linalinso ndi nkhawa ndi dziwe la m'nyumba yachinayi, momwe munali mitolo ya ndodo 1,535, poopa kuti madzi aphwa ndodo n'kukhala pamtunda. Mwamwayi sanaphwe, ndipo mitoloyo inachotsedwa yonse pofika Disembala 2014.

Komatu phunziro linali litaperekedwa kale kwambiri. Pa 29 Sepitembala 1957, pa fakitale ya Mayak m'mapiri a Ural, m'dziko lomwe linali Soviet Union, thanki yosungiramo zinyalala zamadzimadzi inaphulika. Zoziziritsira zake zinali zitawonongeka, madzi anauma, mankhwala otsalira anatentha mpaka kuphulika ngati onga. Anthu pafupifupi 10,000 anasamutsidwa m'midzi yawo, ndipo boma linabisa nkhaniyi zaka zoposa 30. Sinali ng'anjo, sinali bomba. Inali nkhokwe ya zinyalala chabe yomwe inasowa woiziziritsa.

Ndiye chifukwa chake ndodo zikatuluka m'ng'anjo malo ake oyamba ndi m'madzi. Amaziika m'maiwe akuya a konkire, madzi mamita angapo pamwamba pake. Madziwo amagwira ntchito ziwiri, kuchotsa kutentha ndi kutchinga cheza kuti wantchito athe kuima m'mphepete. Tani imodzi ya ndodo zotere ikatha chaka chimodzi imatulutsabe makilowati pafupifupi 10. Ikatha zaka 10 imatsika kufika kilowati imodzi kapena ziwiri, kutengera mmene inagwirira ntchito m'ng'anjo. Sungani manambala awiriwa, tiwafunanso.

Tsopano nthawi. Chinthu chilichonse chotulutsa cheza chili ndi msinkhu wake womwe theka la chinthucho limakhala litasintha kukhala china. Tiutchule kuti nthawi ya theka. Ana asukulu ambiri amalakwa apa poganiza kuti nthawi ziwiri za theka ndiye kuti chatha chonse. Ayi. Tangoganizani muli ndi K1,000 ndipo chaka chilichonse mumadya theka la ndalama yomwe yatsala. Chaka choyamba mutsala ndi K500, chachiwiri K250, chachitatu K125. Pakutha pa zaka 10 mwatsala ndi pafupifupi K1. Lamulo losavuta ndi limenelo: nthawi za theka 10 zimachepetsa chinthu ka 1,000.

Ayodini-131, yemwe amaopsa kwambiri masiku oyamba a ngozi, nthawi yake ya theka ndi masiku 8, choncho pakatha miyezi itatu ndiye kuti wapita. Siziyamu-137 ndi sitironshiyamu-90 ndi zaka pafupifupi 30. Awiriwa ndi amene amapereka kutentha kochuluka m'zaka makumi oyambirira, ndipo pakatha zaka 300 amakhala atatsala gawo limodzi pa 1,000. Koma pulutoniyamu-239 nthawi yake ya theka ndi zaka 24,100. Muchulukitse ka 10, mupeza zaka 241,000. Ayodini-129 ndiye musanene, zaka 15.7 miliyoni.

Pali chinthu apa chomwe ambiri sachiona. Chomwe chimatha msanga ndi chomwe chimatentha kwambiri, chifukwa chikutulutsa mphamvu yake yonse mothamanga, monga udzu wouma pamoto. Chokhalitsa chimatulutsa pang'onopang'ono ngati chitsa chonyeka. Ndiye m'ndodo imodzi muli mavuto awiri osiyana. Vuto la zaka 100 zoyambirira ndi kutentha. Vuto la zaka zikwi zotsatira ndi kutchinga kuti zinthuzi zisalowe m'madzi apansi. Mukathamangira kukwirira kuti muthane ndi vuto lachiwiri, vuto loyamba likuwonongerani mpanda womwe mwamanga.

Tione mmene zimakhalira ku Onkalo. Njira yomwe akutsata inakonzedwa ndi kampani ya SKB ya ku Sweden ndipo imatchedwa KBS-3. Mitolo ya ndodo amailowetsa m'chitsulo cholimba chokhala ndi zipinda. Chitsulocho amachilowetsa mu mgolo wa mkuwa wochindikala masentimita 5, n'kuwotcherera chivundikiro. Mgolowo m'mimba mwake ndi mita imodzi ndi pang'ono, ndipo wa ndodo za ng'anjo ziwiri zakale za ku Olkiluoto ndi wautali pafupifupi mamita 5, umatenga mitolo 12. Amautsitsira pansi, n'kuuimika m'dzenje lakelake la mamita pafupifupi 8 lobooledwa pansi pa ngalande ya m'thanthwe. Kuzungulira mgolowo amaika dongo lotchedwa bentonaiti. Ngalande ikadzaza amaitseka ndi dongo lomwelo ndi chitseko cha konkire.

Dongo ili ndiye mwini nkhani. Likanyowa limafufuma, kutseka mpata uliwonse, moti madzi sangayende mozungulira mgolo. Limatetezanso mgolo thanthwe likasuntha pang'ono, ngati udzu womwe ogulitsa mazira amaika mu dengu. Koma lili ndi malire: akatswiri anagwirizana kuti lisatenthe kupitirira madigiri 100. Kupitirira apo pali mantha oti dongolo lingasinthe m'kupita kwa nthawi n'kusiya kufufuma bwino, komanso madzi owira angasiye mchere pa mkuwa, mchere womwe ungathandize kuudya. Nambala imodzi imeneyi, madigiri 100, ndiyo ikulamula china chilichonse: zaka zodikira, kuchuluka kwa ndodo mu mgolo, kutalikirana kwa maenje, kukula kwa malo, ndi ndalama.

Pofuna kuti dongo lisafike madigiri 100, mgolo wa mitolo 12 uja saloledwa kutulutsa kutentha koposa mawati 1,700 pa tsiku loukwirira. Sikufika ndi ketulo imodzi yomwe. Mu mgolomo mumalowa yureniyamu yokwana matani awiri ndi pang'ono, ndiye tani iliyonse iyenera kukhala itatsika kufika mawati pafupifupi 800. Tsopano bweretsani manambala aja. Ndodo za chaka chimodzi, makilowati 10 pa tani, zingapereke makilowati 20 mu mgolo umodzi, kuposa malire ka 10 ndi kupitirira. Za zaka 10 zingapereke makilowati awiri kufika anayi, zikadali pamwamba pa malire. Ndipo kuyambira apa kutsika kwake kumayenda mwaulesi, chifukwa zothamanga zija zatha, watsala siziyamu ndi mnzake omwe amafuna zaka 30 kuti achepe ndi theka. Ndi momwe zaka 30 mpaka 40 zodikira zimabwerera. Si ulesi wa boma kapena kuzengereza kwa makomiti, ndi masamu.

Pali kachenjerero komwe amachita, komwe wamalonda aliyense angakamvetse. Popeza malire ndi a mgolo wonse, osati mtolo umodzi, amasakaniza mitolo yakale kwambiri ndi yocheperapo zaka kuti zikaphatikizana zisapitirire 1,700. Mukakwirira yozizira yokhayokha poyamba, mudzatsala ndi yotentha yokhayokha pamapeto, yopanda choisungunulira, ndipo mudzakakamizika kudikira zaka zina kapena kutsitsa migolo yosadzaza. Mgolo wosadzaza ndi mkuwa wotayika ndi dzenje lotayika. Choncho mbiri ya mtolo uliwonse, tsiku lomwe unatuluka m'ng'anjo ndi mmene unapsera, imasungidwa ngati buku la ngongole.

Kenaka kutalikirana. Thanthwe la kumeneko pa kuya kumeneku ndi lozizira, madigiri pafupifupi 10, koma mwala suyendetsa kutentha msanga. Migolo ikayandikana kwambiri imatenthetsana, ngati anthu othithikana m'minibasi mwezi wa Okutobala. Ndiye pakati pa mgolo ndi mgolo amasiya mamita 7 mpaka 11 kutengera mtundu wa ndodo, ndipo ngalande zimatalikirana mamita 25. Malowa anakonzedwa kuti alandire matani 6,500, yomwe ndi migolo pafupifupi 3,250. Titenge mamita 9 pa mgolo uliwonse. Tichulukitse 3,250 ndi 9 ndi 25, tipeza mahekitala pafupifupi 73, mabwalo a mpira 100, ndipo apa sitinawerengere malo omwe amawadumpha chifukwa thanthwe lili ndi ming'alu. Ndodo zomwe zikanakwana m'nyumba imodzi yaikulu yosungiramo katundu zikufuna malo onsewa kaamba ka kutentha kokha.

Chodabwitsa n'chakuti dzenje louma ndilo limavuta kwambiri pa nkhani ya kutentha. Dongo louma silichotsa kutentha bwino ngati lonyowa, ndipo m'thanthwe lolimba madzi angatenge zaka zambiri kuti alinyowetse. Ndiye powerenga amatenga dzenje louma ngati muyeso, n'kusiyanso mpata wa madigiri angapo pansi pa 100. Kutentha kumafika pachimake m'zaka makumi oyambirira mgolo utakwiriridwa, kenaka n'kumatsika.

Wina afunsa, ngati kudikira kumathandiza chotere, bwanji osadikira zaka 200 kapena 500, migolo n'kuithithika pamalo ochepa? Pali zifukwa ziwiri, ndipo choyamba ndi cha sayansi. Kudikira kumalipira bwino zaka 100 zoyambirira zokha. M'ndodomo muli pulutoniyamu-241 yemwe nthawi yake ya theka ndi zaka 14, ndipo akamasintha amasanduka amerishiyamu-241, wa zaka 432, yemwenso amatentha. Ndiye pamene siziyamu akuchepa, amerishiyamu akuchuluka m'zaka makumi oyambawo. Siziyamu akatha, kutentha kotsala n'kwa amerishiyamu ndi pulutoniyamu, ndipo amenewa simungawadikire. Phindu la kudikira limanka lichepa pamene ndalama zolondera zikunka zikwera.

Chifukwa chachiwiri ndi cha anthu, ndipo ine ndikuona kuti ndicho chachikulu. Dziwe limafuna magetsi, mapampu, alonda ndi malipiro awo mwezi ndi mwezi. Migolo youma yapabwalo, yomwe maiko ambiri amasamutsiramo ndodo zikatha zaka zingapo m'madzi, n'njabwinoko chifukwa imazizira ndi mphepo yokha, komabe imafuna mpanda, woiyang'anira ndi boma lomwe likugwira ntchito. Mu Malichi 2022 asilikali a Russia analanda malo a magetsi a Zaporizhzhia ku Ukraine, komwe kuli maiwe ndi migolo yotere, ndipo kuchokera pamenepo mawaya obweretsa magetsi oziziritsira anaduka kangapo, malowo n'kudalira majenereta a dizilo. Amene anamanga malowo m'zaka za m'ma 1980 sanalote kuti dziko lawo lomwe lidzatha, ndi kuti pakhomo pake padzaima akasinja. Izi zachitika m'zaka 40 zokha. Nanga 100,000? Mapiramidi a ku Egypt ali ndi zaka pafupifupi 4,500, ndipo anabedwa kalekale. Dzenje lakuya cholinga chake n'chakuti likatsekedwa lisafunenso mlonda, magetsi kapena boma.

Tsono tisanamizane kuti ku Onkalo zonse zili myaa. Mkangano waukulu uli pa mkuwa. Maganizo a omanga ndi akuti pansi pamenepo mpweya wa okosijeni umatha msanga, ndipo popanda mpweyawu mkuwa sudyeka m'madzi, kupatula pang'onopang'ono ndi mankhwala a sulufa omwe dongo limawachedwetsa kufika. Koma mu 2007 akatswiri a pa sukulu yaukachenjede ya KTH ku Stockholm, Peter Szakálos ndi Gunnar Hultquist, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mkuwa ungadyeke ngakhale m'madzi opanda okosijeni. Ena anayesa kubwereza ndipo sanapeze kudyeka kochuluka chotero. Nkhaniyi inakula mpaka mu Januwale 2018 khoti loona za malo ndi chilengedwe ku Sweden linauza boma kuti pakufunika umboni wina pa za mkuwa lisanavomereze. SKB inapereka zowonjezera, boma linavomereza mu Januwale 2022, ndipo ntchito yomanga dzenje la ku Forsmark inayamba mu Januwale 2025. Otsutsa sanakhutire mpaka pano.

Vuto lake n'lakuti palibe amene angayese mgolo kwa zaka 100,000 n'kubwera ndi lipoti. Zoyesa zapansi pa nthaka zimatha zaka 10 kapena 20, kenaka amafukula, kuyeza mmene mkuwa wadyekera, n'kuwerengera kutsogolo. Amayang'ananso zomwe chilengedwe chinachita chokha, monga ku Oklo m'dziko la Gabon, komwe miyala ya yureniyamu inayaka yokha ngati ng'anjo zaka pafupifupi 2 biliyoni zapitazo, ndipo zambiri mwa zotsalira zake zolemera sizinayende kutali. Ndi umboni wothandiza, koma si chitsimikizo. N'chifukwa chake sadalira mpanda umodzi. Mkuwa ukabooka pali dongo, dongo likalephera pali mamita 400 a thanthwe.

Ndipo mgolo ukabooka, mukuganiza chingayambe kufika pachitsime ndi chiyani? Ambiri anganene pulutoniyamu, chifukwa ndiye dzina loopsa lomwe timamva pa wailesi. Koma pulutoniyamu sasungunuka bwino m'madzi opanda okosijeni, ndipo amakakamira pa dongo ndi pa mwala. Wothamanga ndi ayodini-129 uja, yemwe cheza chake n'chofooka koma amasungunuka mosavuta, sakakamira paliponse, ndipo ndi zaka zake 15.7 miliyoni alibe changu. Kwa iye zaka 100,000 si kanthu. Palibe mgolo womwe ungamudikire mpaka atathe. Chomwe dzenje lingachite n'kuonetsetsa kuti akutuluka pang'onopang'ono kwambiri, mosungunuka m'madzi ambiri, moti womwa madziwo alandire cheza chochepa kuposa chomwe amalandira kale kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga. Aliyense wokuuzani kuti dzenje lidzatseka zonse mpaka muyaya akukugulitsani mbuzi ili m'thumba.

Nanga 100,000 inachokera kuti? Ndi nthawi yomwe, mongoyerekeza, ululu wa ndodozo umatsika kufika pafupi ndi wa miyala ya yureniyamu yomwe inakumbidwa popanga ndodozo. M'nthawi imeneyi akuyembekezera kuti chisanu chachikulu chidzabweranso. Ulendo wapitawu Finland yense anakwiririka ndi madzi oundana ochindikala makilomita awiri kapena kuposa, omwe anasungunuka zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Kulemera kwake kunakanikiza dziko pansi, moti mpaka lero nthaka ya ku Olkiluoto ikukwerabe mamilimita angapo pa chaka. Chitsulo cha mkati mwa mgolo chinapangidwa kuti chidzapirire kulemera koteroko. Thanthwe lenilenilo lili ndi zaka pafupifupi 1.9 biliyoni, ndipo zisanu zotere laziona kambirimbiri.

Sayansi yonseyi America ali nayo, mwinanso kuposa. Nanga bwanji Finland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni, ndiye ali patsogolo? Mu 1987 nyumba ya malamulo ya America inasankha phiri la Yucca, m'chigawo cha Nevada, popanda chilolezo cha eni dera, omwe analibe ng'anjo ya magetsi a nyukiliya ndi imodzi yomwe. Anthu a ku Nevada analimbana nazo zaka zoposa 20, mpaka boma la Barack Obama linaleka kupereka ndalama cha m'ma 2010, mabiliyoni a madola atalowa kale. Ndodo zolemera matani pafupifupi 90,000 zinatsala m'maiwe ndi m'migolo m'malo ambirimbiri, ndipo boma lakhala likulipira makampani chipukutamisozi chifukwa cholephera kuzitenga monga linalonjezera.

Finland anayenda njira ina. Mpaka 1996 ndodo za ng'anjo za ku Loviisa zinkabwezedwa ku Russia, ku Mayak komwe kuja kunaphulika thanki. Mu 1994 anasintha lamulo: zinyalala za nyukiliya zopangidwa mu Finland zikwiriridwe mu Finland, ndipo za kunja zisalowe. Walira mvula walira matope. Makampani opanga magetsi amaika ndalama m'thumba lapadera loyang'aniridwa ndi boma, ndalamazo n'kulowa mu mtengo wa magetsi, kuti wogwiritsa ntchito lero alipire yekha dzala lake. Chachikulu, khonsolo ya dera inapatsidwa mphamvu yokana. Khonsolo ya Eurajoki inavomera mu 2000 ndi mavoti 20 kwa 7, ndipo mu 2001 nyumba ya malamulo inavomereza ndi mavoti 159 kwa 3. Tisakometse mopitirira: anthu a ku Eurajoki anali atakhala kale ndi ng'anjo pakhomo kuyambira m'ma 1970, ntchito ndi misonkho zimachokera komweko, ndipo ndodozo zinali kale m'maiwe a pachilumba chawo. Kwa iwo funso silinali loti zibwere kapena ayi, koma zikhale pamwamba kapena pansi. Bungwe loyang'anira za cheza la dzikolo, STUK, silinathamangenso. Posiva inapempha chilolezo choyambira ntchito kumapeto kwa 2021, ndipo bungweli linawonjezera nthawi youunika kangapo, likufuna mayankho ena.

Dongosolo lake n'lakuti kukwirira kudzatenge zaka pafupifupi 100, malowo n'kudzatsekedwa cha m'ma 2120. Kutalika kumeneku n'kwa kutentha komweko. Ng'anjo yachitatu ya ku Olkiluoto inayamba ntchito yokhazikika mu 2023 ndipo inapangidwa kuti igwire zaka 60. Ndodo zake zomaliza zidzatuluka cha m'ma 2080, ndipo nazonso zidzafuna zaka makumi angapo m'madzi. Amene adzatseke chitseko chomaliza sanabadwe, ngakhale makolo awo mwina sanabadwe.

Kwathu kuno tilibe ng'anjo ya nyukiliya, koma tili kumayambiriro kwa msewu womwewu. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa, ndipo unayambiranso mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Zotsalira za mgodi si ndodo za ku Onkalo, tisasokoneze. Sizitentha, sizifuna dziwe loziziritsira, ndipo cheza chake n'chochepa kutalitali. Mwa mavuto awiri aja, loyamba tilibe. Lachiwiri tili nalo. Yureniyamu ikachotsedwa m'miyala yoperedwa, gawo lalikulu la cheza cha miyalayo limatsala m'matope, chifukwa toriyamu-230, wa zaka pafupifupi 75,000, ndi rediyamu-226, wa zaka 1,600, sapita nawo m'migolo yogulitsidwa kunja. Rediyamuyo amatulutsa mpweya wa radoni, ndipo matopewo sakhala mamita 400 pansi pa thanthwe. Amakhala pamtunda, kuseri kwa khoma la damu, m'dera lomwe madzi ake amatsikira mu mtsinje wa Sere, kulowa mu North Rukuru, mpaka m'nyanja ya Malawi.

Mgodi umakumbidwa zaka 10 kapena 20. Ndiye mafunso omwe aphungu athu ndi bungwe loona za mphamvu ya atomu, lomwe linadza ndi lamulo la 2011, ayenera kumafunsa poyera ndi omwewo anafunsidwa ku Eurajoki. Ndalama zodzatsekera matopewo zasungidwa kuti, ndi zingati, ndipo zili m'dzina la ndani kampani ikadzagulitsidwa kapena kugwa? Chivundikiro cha dongo ndi miyala chomwe chidzaikidwe pamwamba chawerengedwa kuti chipirire mvula ya zaka zingati, m'boma lomwe linagwedezeka ndi zivomezi mu Disembala 2009? Ndipo ndani adzapite kukayeza madzi a mu Sere chaka cha 30 kampani itanyamuka?